Mmene mphunzitsi angalembere chidziwitso cha tchuthi ndi kalata yosiyira mnzake ntchito m'Chichewa ndi m'Chingerezi

Aphunzitsi ambiri akamapita ku tchuthi amatsanzika ahedi, kusiya makiyi pa tebulo mu sitafurumu, n'kunyamuka. Mulungu usanathe foni imayamba kulira. Wotsala akufunsa pomwe ana analekezera, kholo likufunsa ngati mwana azipitabe kusukulu, a ku ofesi akufuna malikisi. Mapepala awiri okha akanatseka pakamwa onsewa: chidziwitso chachifupi chouza anthu kuti mwachokapo, ndi kalata yosiyira ntchito yopita kwa amene akugwirizireni kalasi.

Mapepala awiriwa ali ndi owerenga osiyana. Chidziwitso chimawerengedwa ndi aliyense, choncho chinene zochepa. Kalata yosiyira ntchito imawerengedwa ndi anthu awiri kapena atatu, choncho inene zonse. Chingerezi n'cha faelo ya ku ofesi ndi imelo, Chichewa n'cha makolo, a komiti ndi ophunzira. Chovuta si kumasulira ayi, koma kuonetsetsa kuti masiku, maina ndi manambala a foni ndi amodzimodzi mbali zonse ziwiri.

Titsatira chitsanzo chimodzi. Mayi Uje amaphunzitsa masamu Folomu 2A ndi 2B pa sekondale yoyendera, ndiponso ndi mphunzitsi woyang'anira 2A. Akupita ku tchuthi cha uchembere cha milungu 8 mu teremu yachiwiri ya 2026, ndipo awagwirizira ndi Bambo Ujeni.

## Zoyenera kukhala nazo pafupi

- Kalata kapena fomu yovomereza tchuthi chanu, yosainidwa
- Kalendala ya chaka ndi kalendala ya sukulu
- Sikimu, rekodi ya zomwe mwaphunzitsa, rejisitala ndi buku la malikisi
- Ndandanda wa mapiriyodi anu
- Makope atatu a ophunzira ochokera m'kalasi iliyonse
- Makiyi, mabuku obwereka, malisiti ndi ndalama za sukulu zomwe muli nazo
- Foni kapena kompyuta yokhala ndi bandulo, ndi envulopu imodzi yomata

## Gawo loyamba: konzani mfundo musanalembe chiganizo

1. Lembani masiku atatu, osati awiri. Tsiku lomaliza kugwira ntchito, tsiku loyamba tchuthi, ndi tsiku lomwe mudzaimenso pa bolodi. Kwa Mayi Uje, lomaliza ndi Lachisanu pa 16 Januwale, tchuthi chikuyamba Lolemba pa 19 Januwale, ndipo milungu 8 ikutha Lamulungu pa 15 Malichi. Ndiye kuti adzayambiranso Lolemba pa 16 Malichi. Masikuwa muwatenge pa kalata yovomereza, osati m'mutu. Lamulo la za ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limapereka milungu yosachepera 8 ya tchuthi cha uchembere ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, koma mgwirizano wa komwe mumagwira ukhoza kupereka masiku oposa pamenepo. Chogwira ntchito ndi chimene chasainidwa.

*Chenjezo:* musalembe "mpaka pa 15 Malichi" n'kulekera pomwepo. Wina adzamva kuti pa 15 mwabwera, wina kuti pa 15 mukadali kunyumba. Nenani tsiku lobwerera, ndi dzina la tsikulo. Mwezi muulembe m'mawu, chifukwa 9/3 mapulogalamu ena a pa kompyuta amaiwerenga ngati 3 Seputembala.

2. Pezani wokugwirizirani, ndipo avomere pamaso pa ahedi. Kugwirizana pa khonde kuti "mudzandionerako anawa" si kusiyirana ntchito. Ahedi kapena mkulu wa dipatimenti ndiwo agawe, ndipo afotokoze ngati Bambo Ujeni akutenga masamu okha kapena akutenganso kuyang'anira 2A. Izi ndi ntchito ziwiri, ndipo kawirikawiri zimagwera anthu awiri. Funsaninso nambala yomwe akulola kuti iperekedwe kwa makolo. Akakana yawo, ikani ya ofesi ya sukulu.

3. Lembani kapepala ka mfundo. Mizere isanu ndi umodzi yokha: masiku atatu aja, dzina la wogwirizira masamu, dzina la woyang'anira kalasi, ndi nambala ya foni. Chilichonse chomwe mulembe pambuyo pake, m'chinenero chilichonse, mukopere pa kapepalaka. Tsiku likasintha, musinthe pano poyamba kenako mufufuze monse momwe munalikopera.

## Gawo lachiwiri: chidziwitso cha kwa anthu onse

4. Lembani cha Chichewa pachokha, ngati mukuyankhula ndi kholo pa geti. Musayambe ndi Chingerezi kuti mumasulire mawu ndi mawu, zimatuluka zouma ndipo kholo limaimbabe foni kuti limve bwino. Cha Mayi Uje chikhoza kukhala chotere:

> Makolo ndi onse osamalira ana a Folomu 2A ndi 2B, ndikukudziwitsani kuti ndikhala pa tchuthi kuyambira Lolemba pa 19 Januwale 2026. Ndidzayambiranso ntchito Lolemba pa 16 Malichi 2026. Sukulu sikutsekedwa, ana azibwera masiku onse monga mwa nthawi zonse. Masamu aziphunzitsa ndi Bambo Ujeni, ndipo nkhani iliyonse yokhudza mwana wanu muwauze iwo pa nambala iyi: ________, kapena mufike ku ofesi ya ahedi. Pa nthawiyi sindiziyankha mauthenga a za sukulu. Zikomo kwambiri. Ndine Mayi Uje.

Chiganizo chakuti sukulu sikutsekedwa musachisiye. Mwana akangomva kuti madamu ali pa tchuthi, kunyumba amakanena kuti kalasi yatsekera, ndipo kholo lomwe silinaone uthenga bwinobwino limamutuma kumunda kapena kuchigayo.

5. Lembani cha Chingerezi, chachifupi kuposa cha Chichewa. Ichi chikupita kwa a ku ofesi za maphunziro, aphunzitsi a masukulu ena ndi mabungwe omwe mumalemberana nawo. Iwowa safuna kulimbitsidwa mtima, akufuna tsiku ndi dzina.

```
I am on leave from Monday 19 January 2026 and will resume duty on
Monday 16 March 2026. I will not be reading messages during this time.
For Form 2 Mathematics and Form 2A matters, please contact Mr Ujeni
on ________ or the head teacher's office.
```

*Chenjezo:* chifukwa cha tchuthi musachitchule m'chidziwitso, kaya ndi uchembere, matenda kapena maliro. Amene ayenera kudziwa akudziwa kale. Musanenenso komwe mukupita. Uthenga wodziyankha wokha umapita ngakhale kwa munthu wosamudziwa, ndipo simukufuna kulengeza kuti nyumba yanu ya pa sukulu ikhala yopanda munthu miyezi iwiri.

6. Sankhani choyamba malinga ndi owerenga. Pa gulupu ya makolo ndi pa bolodi ya zidziwitso, Chichewa chikhale pamwamba. Pa imelo, Chingerezi pamwamba, koma mzere woyambirira unene kuti uthenga wa Chichewa uli m'munsi. Zonse zikhale mu uthenga umodzi. Mukatumiza awiri, wina amatumizira mnzake umodzi wokha, ndipo mukadzakonza tsiku pa umodzi winawo umapitirira kuyenda ndi tsiku lakale. Ngati kwanuko makolo ambiri amayankhula Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, chinenero chachiwiri chikhale chimenecho. Njira yake ndi yomweyi.

7. Tcherani uthenga wodziyankha wokha. Pa Gmail ya pa kompyuta, pitani ku `Settings`, kenako `See all settings`, mutsike m'munsi mwa `General` mpaka pa `Vacation responder`, pomwe kwa ena pamalembedwa `Out of Office AutoReply`. Pa `First day` ikani 19 Januwale. Chongani `Last day` n'kuikapo 15 Malichi, osati 16, chifukwa uthengawo umagwira ntchito mpaka pakati pa usiku wa tsiku lomalizalo. Mukaika 16, udzakhala ukuuza anthu kuti kulibe inu muli m'kalasi. Matani uthenga wa zinenero ziwiri uja, musindikize `Save Changes`. Gmail siyankha munthu mmodzi kalata iliyonse: ikamuyankha kamodzi imadikira masiku anayi isanamuyankhenso, choncho musadabwe mnzanu akayesa kawiri n'kulandira yankho limodzi.

Kunena zoona, aphunzitsi ambiri kuno sasakidwa pa imelo, amasakidwa pa WhatsApp. WhatsApp wamba ilibe uthenga wodziyankha. Ili nawo ndi WhatsApp Business, pa `Business tools` kenako `Away message`, pomwe mumasankha `Custom schedule` n'kuika masiku. Pali misampha iwiri. Uthengawo umatumizidwa pokhapokha foni ili pa intaneti, ndiye bandulo ikatha kapena mukapita kumudzi kopanda netiweki, palibe akuyankhidwa. Wachiwiri, ngati nambalayo ndi yomwe mumachezerapo ndi abale, sankhani olandira pa `Recipients`, apo ayi apongozi akafunsa za mwana wakhanda adzauzidwa kuti akaonane ndi Bambo Ujeni.

Pa gulupu ya makolo tumizani chidziwitsocho nokha Lachisanu, ndipo mupemphe adimini achikhomere pamwamba. Kukhomera kumakhala masiku 30 kukachuluka, choncho pa tchuthi cha milungu 8 afunika kubwereza pakati pa Febuluwale. Papepala, matani chimodzi pa bolodi ya zidziwitso, ndipo china chiwerengedwe m'kalasi kuti ana akopere m'makope awo. Kholo lopanda foni yamakono lidzachiona m'kope.

## Gawo lachitatu: kalata yosiyira ntchito

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, ndipo muyambe kudakali mulungu wathunthu. Ngati ndi tchuthi cha uchembere, yambani kudakali itatu, popeza mwana sayang'ana kalendala ya sukulu.

8. Tsamba loyamba likhale la zinenero ziwiri, masamba enawo ayi. Ena amamasulira kalata yonse ya masamba asanu, n'kutopa pachabe. Tsamba loyamba ndilo limaonedwa ndi anthu osiyanasiyana: ahedi, wachiwiri wawo, wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, mwinanso amayi a gulu loyang'anira atsikana. Ligaweni pakati, Chingerezi kumanzere, Chichewa kumanja, mzere uliwonse moyang'anizana ndi mnzake: masiku, wogwirizira, katundu wosiyidwa, ndalama, ndi zinthu zomwe zili ndi tsiku lomalizira. Masamba a za maphunziro akhale m'chinenero cha silabasi, ndipo mitu muitchule monga yalembedwera m'buku, kuti wogwirizira asavutike kuisaka.

9. Lembani pomwe ana afika, osati pomwe sikimu ikunena. Sikimu imanena zomwe munafuna kuchita. Rekodi imanena zomwe mukuti munachita, ndipo tonse tikudziwa kuti ena amaidzaza usiku umodzi akamva kuti kukubwera oyendera. Umboni weniweni uli m'makope a ana. Tengani makope atatu m'kalasi iliyonse, la wochita bwino, la wapakati ndi la wotsalira, muone ntchito yomaliza yomwe onse atatu ali nayo. Pamenepo ndiye pomwe kalasi yafika.

Mayi Uje atachita zimenezi apeza kuti 2A yamaliza lamulo la Pythagoras ndipo yalemba kale kayeso kake, pomwe 2B ili m'mbuyo ndi mulungu umodzi chifukwa mapiriyodi awo amasana anadukizidwa ndi mvula yomwe imasokosa pa malata. Sikimu ndi imodzi ya makalasi onse awiri, ndiye Bambo Ujeni akanangoitsatira akanalumphitsa 2B mutu wonse. Mu kalata ziyenera kuoneka motere:

```
2A: Pythagoras theorem completed; test marked, marks in mark book.
2B: theorem introduced; word problems NOT yet done. One week behind 2A.
Both: many still add the sides before squaring. Revise first.
```

Mzere wachitatuwo ndi umene palibe buku lingamuuze mnzanu. Mwana akapatsidwa mbali za 3 ndi 4, n'kuyankha 7 m'malo mwa 5, mukudziwa kale pomwe akusokonezekera. Lembani zimenezo, mizere iwiri pa mutu uliwonse yakwana.

10. Werengani mapiriyodi enieni, kenako mugawe mitu. Pa ndandanda wa Mayi Uje kalasi iliyonse ili ndi mapiriyodi 7 pa mulungu, ndiye milungu 8 ikupereka 56. Koma pa 3 Malichi ndi tsiku lokumbukira ofera dziko, ndipo mu 2026 likugwa Lachiwiri, tsiku lomwe 2B ili ndi mapiriyodi awiri otsatizana. Atsala 54. Chotsaniponso masiku a mayeso a pakati pa teremu ndi a masewero malinga ndi kalendala ya sukulu yanu. Poti Folomu 2 ndi kalasi yolemba mayeso a JCE, onetsani mitu yomwe iyenera kutha zivute zitani, ndi yomwe mungadzaimalize nokha mukabwera. Musamuunjikire mnzanu mitu yonse yovuta. Ali ndi makalasi ake, ndipo akaona kuti katundu ndi wosanyamulika amangolembetsa manotsi pa bolodi.

11. Ndandalikani zinthu zokhala ndi tsiku lomalizira. Chilichonse chikhale ndi zinthu zitatu: chochita, tsiku, ndi wolandira. Mafunso a mayeso a kumapeto kwa teremu, ngati amafunika musanabwerere, akonzeni nokha pamodzi ndi mayankho ake, muwapereke kwa mkulu wa dipatimenti m'manja. Ngati pali kutsimikiza maina a olemba mayeso a MANEB, nenani mwana yemwe dzina lake linalakwika kalembedwe kuti lisadutse chomwecho. Onjezani masiku anu a dyute ndi kalabu yomwe mumayang'anira. Dyute ndiyo imaiwalika kwambiri, mpaka Lolemba lina belu la asembule lalira popanda woimirira kutsogolo.

12. Katundu ndi ndalama muwerengere limodzi, musainirane. Musalembe "mabuku ali m'kabati". Lembani kuti mabuku a masamu a Folomu 2 alipo 38, m'kabati muli 31, ndipo 7 ali ndi ophunzira omwe maina awo ali m'kope la obwereka. Makiyi muwatchule limodzilimodzi ndi chitseko chake. Ndalama za sukulu, ngakhale zitakhala K12,000 za kalabu, musapite nazo kunyumba ndipo musamusiyire mnzanu m'thumba. Ziperekeni ku ofesi, mulandire lisiti, mulembe nambala ya lisitiyo pa tsamba loyamba m'zinenero zonse ziwiri. Nkhani ya ndalama ndi yomwe a komiti adzafune kuiwerenga okha m'Chichewa.

13. Za ana ofunika chisamaliro chapadera zipite mu envulopu. Mwana wa khunyu, wa vuto la kumva, wachialubino yemwe ayenera kukhala kutsogolo ndi kulemberedwa zilembo zikuluzikulu, kapena mtsikana yemwe wabwerera kusukulu atabereka. Wogwirizira ayenera kudziwa, koma sitafurumu yonse ayi. Lembani chochita osati mbiri ya banja: akhale mpando uti, akadwala aitanidwe ndani. Matani envulopu, mupereke kwa woyang'anira kalasi yekha, ndipo zimenezi zisajambulidwe n'kuponyedwa pa gulupu.

*Chenjezo:* musalembe mndandanda wa "ana ovuta". Pepala limakhalitsa kuposa mkwiyo wanu, ndipo mwanayo amayamba ndi mphunzitsi watsopano ataweruzidwa kale.

14. Nenani poyera ngati mungaimbiridwe foni. Mukangoti "pakakhala vuto mundiimbire", chilichonse chidzakhala vuto, ngakhale choko chikatha. Lembani kuti woimba akhale mmodzi, ahedi kapena Bambo Ujeni, pa nkhani yomwe yasowa yankho m'kalatamo, ndipo atumize uthenga m'malo moimba. Ngati simukufuna n'komwe, nenani. Ndi tchuthi chanu.

15. Yerekezani zinenero ziwiri, kenako khalani pansi ndi wogwirizira. Pezani mnzanu awerenge mokweza mbali ya Chichewa inu mukutsatira ya Chingerezi ndi chala. Musamvetsere kukoma kwa mawu, mvetserani manambala, masiku ndi maina. Mukatero khalani ndi Bambo Ujeni theka la ola, iwo aziwerenga, inu muziyankha. Funso lililonse lomwe afunse ndi chizindikiro cha mzere womwe ukusowa, ndiye muulembe pomwepo. Ngati n'kotheka lowani nawo m'kalasi piriyodi imodzi muwaonetse kwa ana. Sainani makope atatu: la wogwirizira, la ahedi ndi lanu. Lanulo mulijambulenso pa foni.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kusintha tsiku mbali imodzi yokha ndiko kumatsogola. Tchuthi chikawonjezeredwa, anthu amakonza imelo n'kuiwala pepala la pa bolodi ndi uthenga wa pa gulupu, ndiye makolo amafika pa 16 Malichi kudzasaka munthu yemwe kulibe. Pansi pa kapepala ka mfundo lembani malo onse omwe mwaika chidziwitso, kuti mudzadziwe koti mukonze.

Kwina ndi kudalira makina omasulira popanda kuwerenganso. Makinawo amatha kusandutsa tchuthi cha munthu mmodzi kukhala kutsekera kwa sukulu, kapena kumutchula Bambo Ujeni ngati mwana, "iye adzaphunzitsa", pa uthenga wopita kwa makolo. Ngati mwagwiritsa ntchito makina, werengani mokweza musanatumize, ndipo zachinsinsi za ana musaziike m'menemo.

Ena amasiya dzina ndi mawu achinsinsi olowera mu imelo yawo kuti mnzawo aziyankha. Musatero. Mafaelo omwe akufunika atumizeni kwa iye kapena muwaike pa fulashi, ndipo mutsegule fulashiyo pa kompyuta ya sukulu muone ngati ikuwerengeka.

Pali kulonjeza m'malo mwa wina: "Bambo Ujeni aziphunzitsanso Loweruka", pomwe mwiniwake sanavomere. Makolo amagwira mawu amenewo, makamaka a kalasi ya mayeso.

Pomaliza pali kuiwala kuzimitsa. Ngati simunachonge `Last day`, Gmail idzapitiriza kunena kuti muli pa tchuthi mpaka mutasindikiza `End now` pa kamzere komwe kamaoneka pamwamba pa makalata anu. Tsiku lobwerera chotsani pepala pa bolodi, zimitsani `Away message`, ndipo mupemphe Bambo Ujeni akulembereni tsamba limodzi la pomwe kalasi iliyonse yafika, atayang'ana makope atatu monga munachitira inu.